Buku Lachisanu m'Bokosi la Mpingo

Kunali munthu wina, kale ndithu, kutsidya kwa nyanja yamchere, patapita zaka ngati mazana atatu chibadwire Ambuye. Dzina lake anali Nikandro. Mkati mwa sabata ankagulitsa nsomba zothira mchere padoko. Tsiku la Ambuye likafika ankasamba m'manja mobwerezabwereza kuti fungo lichoke, kenako n'kuimirira kutsogolo kwa mpingo kuwerenga malemba, pakuti iye ndiye anali wowerenga.

Masiku amenewo munthu sankabwera ku mapemphero ndi Baibulo m'khwapa monga mwabweramu inu. Mabuku anali apaderapadera, okopedwa pamanja, ena pa mapepala a gumbwa, ena pa zikopa, ndipo mpingo wonse unkadalira bokosi limodzi. Chimene wowerenga watulutsa m'bokosimo n'kuwerenga pamaso pa anthu, ndicho anthu ankachilandira ngati Mawu a Mulungu. Ambiri sankadziwa kuwerenga, ndiye analibe kwina kokayang'ana.

Bokosi la mpingo wa Nikandro linali ndi mbiri yake. Zaka zam'mbuyomo mfumu ya Aroma inalamula kuti mabuku a Akhristu atenthedwe. Wowerenga panthawiyo anali a Zotiko, bambo ake a Nikandro. Iwo anakwirira bokosilo pansi pa mulu wa mchere, ndipo asilikali atawagwira anakana kuulula. Anawazunza mpaka anamwalira. Mtendere utabwera, mpingo unafukula bokosi, mabuku onse ali bwinobwino.

M'bokosimo munali Chilamulo cha Mose, Aneneri ndi Masalimo, zonse m'Chigriki. Munali Uthenga Wabwino wa Mateyu, wa Marko, wa Luka ndi wa Yohane, Machitidwe a Atumwi, makalata a Paulo, kalata imodzi ya Petro ndi imodzi ya Yohane. Munalinso Uthenga wina, wachisanu, umene pamutu pake panalembedwa dzina la mmodzi wa atumwi. Dzinalo sindikutchulirani, ndikukudziwani, mungayambe kulifunafuna. Buku limeneli a Zotiko analikopa ndi dzanja lawo kwa mphunzitsi wina wapaulendo amene anakhala padoko paja miyezi ya mphepo, akudikira ngalawa. Linali lokoma kumva. Linkati misomali isanakhomedwe, Ambuye anatuluka m'thupi monga munthu amavulira malaya, ndipo anaima pambali osamva kanthu. Linkatinso aliyense wa chikhulupiriro chenicheni sadzamva ululu pomufera Iye.

Chaka chilichonse mpingo unkasonkhana kukumbukira tsiku limene a Zotiko anaphedwa, ndipo ndime imeneyi ndiyo inkawerengedwa. Amayi ake a Nikandro, a Melitini, ankakhala kutsogolo. Ndimeyi ikafika ankawerama n'kuphimba nkhope ndi nsalu. Nikandro akawaona choncho mumtima ankati, "Buku ili ndilo latsala lowatonthoza amayi anga."

Tsiku lina kunabwera mlendo, mayi wogulitsa nsalu wochokera ku mpingo wakutali. Mapemphero atatha anamupatsa moni Nikandro mwaulemu, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Pepani achimwene, mwawerengawu ndi Uthenga uti? Ine ndayenda m'mipingo yambiri ndi malonda angawa, konseko ndimamva anayi okha."

Funso laling'ono, koma linafika kwa akulu a mpingo dzuwa lisanalowe. Nthawiyo mpingo unali kukonza zokopetsa mabuku ake pa zikopa zatsopano, chifukwa a gumbwa aja anali atayamba kuthetheka. Akuluwo anati buku lachisanu liyambe laima kaye mpaka zidziwike. Nikandro zinamuwawa kwambiri, ndipo sanabise.

"Bambo anga anafera bokosi limeneli," anatero. "Kodi magazi awo si umboni? Chabwino. Ndilowa m'ngalawa ndi bukuli, ndikafunse ku mipingo imene atumwi anayambitsa okha. Tsiku lokumbukira bambo lisanafike ndikhala nditabwera ndi umboni, ndipo ndidzaliwerenga pano monga kale."

Anali munthu wosabwerera m'mbuyo akanena kanthu. Anasiyira mlamu wake migolo ya nsomba, anakulunga bukulo m'chikopa chambuzi, n'kunyamuka.

Anayamba kufika mumzinda wina umene mpingo wake unalandirapo kalata yochokera kwa Paulo mwiniwake. Wowerenga wa kumeneko anali munthu wodekha, wa msinkhu ngati wake. Anamulandira, anamupatsa chakudya, kenako anatsegula bukulo n'kuyang'ana dzina la pamutu.

"Munalilandira kwa ndani?" anafunsa.

"Kwa bambo anga."

"Nanga bambo anu?"

"Kwa mphunzitsi wina wapaulendo."

"Mphunzitsiyo analilandira kwa ndani?"

"Sindikudziwa," anatero Nikandro. Mnzakeyo sanamuseke. Anatulutsa kalata ya Paulo ija, yokopedwa kambirimbiri, n'kumufotokozera kuti mpingo wawo ukudziwa amene anabwera nayo, ukudziwa oyang'anira amene anaisunga motsatizana kuyambira masiku a mtumwiyo, ndiponso kuti makolo awo anaikopa n'kutumiza ku mipingo yoyandikana nayo, iwonso n'kulandira makalata amene mipingoyo inali nawo. Umu ndi momwe makalata a Paulo anasonkhanira pamodzi.

"Koma Marko ndi Luka sanali atumwi," anatero Nikandro, poganiza kuti wapeza pogwira. "Langali ndiye lili ndi dzina la mtumwi weniweni."

"Zoona, sanali atumwi. Koma akale anatiuza kuti Marko ankayenda ndi Petro n'kulemba zimene Petro ankalalikira, ndipo Luka ankayenda ndi Paulo. Analemba mboni zoona ndi maso zikadali moyo, zokhoza kuwatsutsa akanama. Dzina la pamutu, achimwene, aliyense wokhala ndi inki atha kulemba. Chimene timafunsa ife n'chakuti bukulo ladzera m'manja mwa ndani kuchokera kwa atumwi kufika kwa ife."

Nikandro anathokoza, koma m'ngalawa anadziuza kuti mpingo umodzi sungadziwe zonse. Mwina mtumwi wa buku lake analalikira kwina. Analunjika ku mzinda waukulu wa padoko, kumene kunkaima ngalawa zochokera ku Aigupto, ku Roma, ku Siriya ndi ku Afirika ya kumpoto. Kumeneko anakhala nthawi ndithu. Mkhristu aliyense wotsika m'ngalawa ankamupeza, amalinyero, amalonda, akapolo otumidwa ndi ambuye awo, n'kumufunsa funso limodzi: "Kwanu tsiku la Ambuye amawerenga mabuku ati?"

Anthu a zilankhulo zosiyana, osadziwana n'komwe, ankamuyankha zofanana. Mauthenga anayi, Machitidwe, makalata a Paulo, kalata ya Petro, kalata ya Yohane. Akawaonetsa buku lake ankapukusa mutu. Palibe ndi mmodzi yemwe anali atalimvapo likuwerengedwa.

Koma munthu wofuna kuwina mlandu amakhala ndi makutu akuthwa. Nikandro anamva kuti pa mabuku ena anthuwa ankasiyana. A ku Roma ena ankakayikira kalata ya kwa Ahebri, poti sinatchule woilemba, pamene a kum'mawa ankaiwerenga mosakayika. Chivumbulutso ndiye kumadzulo ankachilandira, kum'mawa ena ankachizengereza. Panalinso makalata ang'onoang'ono, ya Yakobo, ya Yuda, yachiwiri ya Petro ndi ziwiri zazifupi za Yohane, amene mipingo yambiri inali nawo koma ina, monga wakwawo, inalibe. Anatenga zimenezi n'kupita nazo kwa woyang'anira mpingo wa mumzindamo, bambo wachikulire wa diso limodzi, linalo analitaya m'chizunzo chomwe chija.

"Bambo, ndaona kuti nanunso simugwirizana," anatero Nikandro. "Ndiye langali liikeni pagulu la amene mukukambiranabe. Sindikupempha zambiri."

"Khala pansi, mwana wanga," anatero mkuluyo. "Amene tikukambiranawo si alendo. Akhala akuwerengedwa m'mipingo yambiri kuyambira kale, ndipo aphunzitsi akale anawatchula m'zolemba zawo. Tikuchedwa nawo chifukwa choopa kulakwitsa, ndipo mipingo ikamayenderana n'kuonetsana zimene inalandira, kukayika kukunka kuchepa. Lakoli alidziwa ndani kupatula mudzi wanu?"

Anamutengera kuchipinda chosungiramo mabuku. Kumeneko kunali mabokosi awiri. Loyamba linali la owerengedwa pamaso pa mpingo. Lachiwiri linali la mabuku a malangizo, amene ankabwereka anthu ophunzira za ubatizo kuti akawerenge kunyumba. Mkuluyo anatulutsamo limodzi, la masomphenya ndi mafanizo, nati n'labwino ndipo anthu amalikonda, koma linalembedwa ndi Mkhristu wina wa ku Roma atumwi atatha kale, choncho silingaikidwe pakati pa aneneri kapena pakati pa atumwi. Anamuuzanso za munthu wina wakale amene anataya Chilamulo ndi Aneneri onse, n'kusunga Luka wodulidula ndi makalata ena a Paulo. Mipingo inamukana, chifukwa malemba a Aisraeli sinachite kusankha yokha. Inawalandira kwa Ayuda, ndipo ndi omwewo amene Ambuye ankawerenga m'sunagoge ndi amene atumwi ankalalikira nawo.

"Ndiye buku likhoza kukhala labwino koma osakhala Mawu a Mulungu," anatero Nikandro. Mtima unayamba kubwerera m'malo. "Liikeni m'bokosi lachiwiri."

"Tiyambe talimva. Koma usanawerenge, tandiuza zimene unavomereza tsiku limene unabatizidwa."

Nikandro ananena mosajejema, poti anali mawu amene Mkhristu aliyense ankawadziwa pamtima, a ku Roma ndi a ku Aigupto omwe: Mulungu mmodzi Mlengi wa zonse, ndi Mwana wake amene anabadwa mwa namwali, anazunzidwa, anafa, anaikidwa m'manda, nauka.

"Anazunzidwa," anabwereza mkuluyo. "Chabwino. Tsopano werenga pamene buku lako likunena za mtanda."

Nikandro anatsegula. Ndimeyo ankaidziwa ngati njira ya kwawo. Anawerenga ndi mawu ake a tsiku la Ambuye, mpaka anafika pamene Ambuye akutuluka m'thupi n'kuima pambali. Pamenepo anasiya kuwerenga. Zaka zonsezi anakhala akunena zinthu ziwirizi ndi pakamwa pomwepo, china pa ubatizo, china pa chikumbutso, koma anali asanaziikepo pamodzi.

"Chikhulupiriro chimene wanenachi n'chakale kuposa mabuku onsewa," anatero mkuluyo. "Atumwi anachilalikira asanalembe kanthu, ndipo mabuku awo enieni amagwirizana nacho. Ife sitilipatsa buku mphamvu, mwana wanga. Timangozindikira mawu amene tinawamva kale. Ambuye akanakhala kuti sanamve misomali, ndiye kuti sanatifere, ndipo diso langali ndinalitayira chithunzithunzi."

"Bambo anga anafera buku limeneli," anatero Nikandro.

"Bambo ako anafera Ambuye. Anasunga bokosi monga analilandirira, ndipo zimene iwe ukudziwa lero iwo sanazidziwe. Iwe ndiye ukuzidziwa."

Nikandro sanachoke tsiku lomwelo. Anakhala n'kukopa kalata ya Yakobo ndi makalata ena ang'onoang'ono aja, kuti akulu a kwawo akawaone ndi kumva mipingo imene imawawerenga. Atatha anakwera ngalawa yobwerera. Ulendo wonse ankaganiza za amayi ake. Akuluwo sankawaopa, mpingo sankauopa. Ankaopa nkhope ya mayi wokalamba amene akamulande chinthu chimodzi chomutonthoza. Maganizo ena ankamunong'oneza kuti, "Akudziwa ndani? Ukangonena kuti mipingo ina imasiyana pa mabuku ena, sukhala utanama. Uwerenge chaka chino chokha. Amayi atsala ndi zaka zingati?" Koma ankadziwa kuti chotuluka m'bokosi lija anthu amachilandira ngati chochokera kwa Mulungu, ndipo wochitulutsa anali iye.

Anafika kwawo tsiku lachikumbutso litayandikira. Anauza akulu a mpingo zonse, osachotsera, ndipo iwo anagwirizana kuti bukulo lichoke. Wina mwa iwo, pomumvera chisoni, anati angolichotsa mwakachetechete, anthu adzaiwala okha. Nikandro anakana. Anati analiwerenga poyera, ndiye alichotsanso poyera. Madzulo ake anapita kukawauza amayi ake. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto.

Tsikulo anthu anadzaza. A Melitini anakhala pamalo pawo pa nthawi zonse. Nikandro anatsegula bokosi, anatulutsa buku lachisanu, nalikweza kuti onse alione.

"Abale, ili ndi dzanja la bambo anga, ndipo ndilikonda," anatero. "Ndinapita kukalifunira umboni. Sindinapeze amene analilandira kwa atumwi. Sindinapeze mpingo wina umene umaliwerenga. Ndipo likutsutsana ndi zimene tonse tinavomereza pobatizidwa. Kuyambira lero silibwereranso m'bokosi muno."

Analiika pansi, pambali. Ena anang'ung'udza, mayi wina anatuluka. Nikandro anatenga Marko n'kuwerenga za Ambuye m'munda, ali ndi chisoni chofa nacho, kenako za kukwapulidwa, ndi za mfuu yaikulu imene anafuula pamtanda. Anatenganso Yohane n'kuwerenga za ludzu, ndi za magazi ndi madzi otuluka m'nthiti. Sanayerekeze kuyang'ana kumene kunali amayi ake mpaka atamaliza. Atakweza maso anaona kuti nkhope yawo sinali yophimba. Ankamuyang'ana, misozi ikutsika.

Anthu atabalalika iye anagwada pafupi nawo.

"Amayi, ndikhululukireni. Ndakulandani chokutonthozani."

"Chonditonthoza?" anatero a Melitini. "Mwana wanga, tsiku lija ine ndinali kuseri kwa mpanda wa asilikali. Bambo ako ndinawamva. Ankalira, Nikandro. Ankalira ngati mwana, mpaka mawu anasasa. Sindinauzepo munthu. Chaka ndi chaka iwe umaimirira apa n'kuwerenga kuti wa chikhulupiriro chenicheni samva ululu, ine n'kumaphimba nkhope ndi manyazi, ndikuti mwina amuna anga chikhulupiriro chinawaperewera pomaliza. Lero ndiye ndamva kuti Ambuye nawonso anafuula."

Anatola buku lija n'kulipukuta fumbi ndi nsalu yawo.

"Ili ndipita nalo kunyumba. Sindifuna munthu andiwerengere. Ndizingoona dzanja lawo."

Inu akulu a mpingo, madikoni, amayi otsogolera anzanu, ndi inu amene mumaimirira kutsogolo abusa kukakhala kulibe: Nikandro musakamufune m'mabuku a mbiri, ndi fanizo. Koma mafunso amene anakumana nawo ndi enieni. Buku ili lachokera kwa atumwi kapena kwa amene anayenda nawo? Lakhala likuwerengedwa m'mipingo ponseponse kuyambira kale? Likugwirizana ndi chikhulupiriro chimene mpingo unalandira? Zaka za m'ma 300 zisanathe, woyang'anira mpingo wa ku Alekizandiriya anatchula m'kalata yake mabuku makumi awiri ndi asanu ndi awiri a Chipangano Chatsopano, omwe muli nawowo, ndipo misonkhano ya ku Afirika ya kumpoto inavomereza omwewo. Sinayambitse chinthu chatsopano. Inatsimikiza zimene mipingo inali itayesa kwa mibadwo. Pa Chipangano Chakale mudzaona kuti Baibulo la Akatolika lili ndi mabuku ena owonjezera. Amenewo ankapezeka m'malemba a Chigriki amene mipingo yoyamba yambiri inkawerenga, koma sali m'gulu la Chihebri limene Ayuda anasunga, ndipo mipingo ina inatsata ili, ina linalo. Mkhristu akakufunsani, mufotokozereni choncho, osanyoza mnzanu.

Tsono bokosi lija lero lili m'manja mwanu. Adzakubweretserani timabuku ta maloto, mauthenga a pafoni onena za mabuku amene akuti anabisidwa, ndi mawu a anthu amene mumawakonda ndi kuwalemekeza, ena mwa iwo anapita kale. Funsani mafunso aja, ngakhale bukulo litakhala la bambo anu. Musanene kuti, "Lisiyeni, limatonthoza anthu." Simudziwa amene wakhala kutsogolo ataphimba nkhope, ndipo simudziwa chimene waphimbira.